Ndinagulitsa masheya anga chifukwa cha nambala 71

Masheya amene ndinawasunga miyezi isanu ndi itatu ndinawagulitsa m'mphindi zitatu. Kampaniyo sinalakwe kanthu, phindu lake silinatsike, ndipo ine sindinali pa vuto la ndalama. Chinachitika n'chakuti kamzere kamene kamayenda m'munsi mwa tchati, kolembedwa RSI, kanadutsa pa 70, ndipo pambali pake panatuluka liwu lofiira lakuti `overbought`. M'mutu mwanga liwulo linamveka motere: anthu agula mopitirira muyeso, mtengo ugwa posachedwa, thawa. Ndinathawadi. Usiku umenewo ndinagona tulo tabwino, ndikudziona ngati wochenjera.

Patapita masabata awiri mtengo unali pamwamba kuposa pomwe ndinagulitsira, ndipo kamzere kaja kanali kakadali pamwamba pa 70, kakungondiyang'ana.

Ndinawadandaulira alamu anga, amene ntchito yawo ndi yowerengera ndalama ndipo matchati sawakhulupirira n'komwe. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati: "Alamu, mukuti anthu agula mopitirira muyeso. Nanga amene amawagulitsa anthuwo, iwo sanagulitse mopitirira muyeso? Sheya iliyonse imene yagulidwa pali wina amene waigulitsa." Ndinayamba kufotokoza za mphamvu ya ogula, koma anandidula. "Ingondiuzani chinthu chimodzi. Nambala 71 imene munathawayo, mukudziwa mmene amaipezera?"

Sindinkadziwa. Ndinali nditaigwiritsa ntchito kupitirira chaka.

Loweruka lotsatira ndinakhala pansi ndi pepala ndi kakyuleta, ndipo zimene ndinapeza ndi zimene ndikulemba pano.

Dzina lonse la RSI, monga mmene mudzalionere pa sikirini, ndi `Relative Strength Index`. Anayambitsa ndi J. Welles Wilder Jr., injiniya wa ku America amene pambuyo pake analowa m'malonda a pamsika, ndipo anaifalitsa mu 1978. Dzinali limasocheretsa. Munthu angaganize kuti sheya ikuyerekezedwa ndi masheya ena kapena ndi msika wonse. Ayi. Sheya ikuyerekezedwa ndi iyo yomwe: masiku ake okwera pa mbali imodzi ya sikelo, masiku ake otsika pa mbali inayo. Ndipo cholowa mu sikeloyo ndi chimodzi chokha, mtengo wotsekera, kutanthauza mtengo umene watsala msika ukamatsekedwa tsiku lililonse. Mtengo wapamwamba umene sheya inafikako masana sulowamo. Kuchuluka kwa masheya amene agulitsidwa sikulowamo. Phindu la kampani, ngongole zake, nkhani za m'nyuzi, zonsezi RSI sizidziwa.

Wilder anasankha masiku 14, ndipo mpaka lero mapulogalamu ambiri amayambira pa nambala yomweyo. Kuti mupeze kusintha kwa masiku 14 mumafunika mitengo 15, chifukwa tsiku loyamba lilibe dzulo lake. Mitengo ili m'munsiyi ndaikonza ndekha kuti iyambire pa 100 ndipo ikhale yopanda timadontho, koma kayendedwe kake n'kofanana ndi ka sheya yanga ija.

```
100 102 103 102 104 105 103 104 106 105 106 104 106 105 107
```

Tsiku lililonse chotserani mtengo wa dzulo pa mtengo wa lero. Kuchoka pa 100 kufika pa 102 wakwera ndi 2. Kuchoka pa 102 kufika pa 103 wakwera ndi 1. Kuchoka pa 103 kubwerera pa 102 watsika ndi 1. Pitirizani choncho mpaka kumapeto, muli ndi mizere iwiri pa pepala, wina wa kukwera wina wa kutsika. Kutsika mumakulemba ngati nambala wamba, popanda chizindikiro chochotsera. Tsiku limene mtengo wakwera, mu mzere wa kutsika mulembamo ziro, ndipo tsiku limene watsika, ziro apita mu mzere wa kukwera.

Pa mitengo yathuyi masiku okwera alipo asanu ndi anayi, ndipo kukwera konse mukaphatikiza ndi 14. Masiku otsika alipo asanu, kutsika konse ndi 7. Apa ndi pomwe ine ndinaphonya ulendo woyamba: ndinagawa 14 ndi masiku asanu ndi anayi, 7 ndi masiku asanu, poganiza kuti avareji ya kukwera iyenera kutengera masiku okwera okha. Si choncho. Mbali zonse ziwiri mumagawa ndi 14. Avareji ya kukwera, tiitchule K, ndi 1.0. Avareji ya kutsika, tiitchule T, ndi 0.5.

```
RS  = K / T
RSI = 100 - 100 / (1 + RS)
```

RS ndi 1.0 kugawa ndi 0.5, yankho 2. Ndiye 100 kugawa ndi 3 ndi 33.3, ndipo 100 kuchotsera 33.3 ndi 66.7. RSI yathu yoyamba ndi imeneyo.

Fomula iyi imaoneka yoopsa pang'ono, koma mukaisanthula imasanduka chinthu chimene mwana wa pulayimale angachimve:

```
RSI = 100 * K / (K + T)
```

Yesani: 1.0 kugawa ndi 1.5, kuchulukitsa ndi 100, ndi 66.7 yomwe ija. Nditaona zimenezi ndinaika bolopeni pansi. RSI ikungoyankha funso ili: pa mtunda wonse umene mtengo wayenda posachedwapa, kupita m'mwamba ndi kupita pansi, ndi gawo lanji limene unali kupita m'mwamba? Ikakhala 50, kukwera ndi kutsika n'kofanana. Ikakhala 70, pa masitepe khumi aliwonse, asanu ndi awiri anali okwera, atatu otsika. Ikakhala 80, kukwera kwaposa kutsika kanayi. Basi. Mulibe ogula mmenemo, mulibe ogulitsa, mulibe mawa.

Tsiku la 16 mtengo unatseka pa 110, wakwera ndi 3. Kuyambira pano Wilder sayambiranso kuphatikiza masiku 14 apitawo. Amatenga avareji ya dzulo, kuichulukitsa ndi 13, kuwonjezerapo kusintha kwa lero, n'kugawa ndi 14.

```
K = (K_dzulo * 13 + kukwera_kwa_lero) / 14
T = (T_dzulo * 13 + kutsika_kwa_lero) / 14
```

Kumbukirani kuti anthu a mu 1978 ambiri ankachita masamuwa pa pepala madzulo aliwonse. Njirayi imafuna kuti usunge manambala awiri okha a dzulo ndi mtengo wa dzulo, osati mndandanda wonse. K yatsopano ndi 13 kuphatikiza 3, kugawa ndi 14, yomwe ndi 1.143. T yatsopano ndi 6.5 kuphatikiza ziro, kugawa ndi 14, yomwe ndi 0.464. RSI yafika pa 71.1.

Nayo nambala imene inandithamangitsa. Dzulo 66.7, kulibe chenjezo. Lero 71.1, liwu lofiira. Chasintha n'chiyani? Tsiku limodzi labwino.

Ndisanapitirire, pali chinthu china chimene chinandisokoneza mlungu wathunthu. Ndinaika mitengo yomweyi mu Excel, n'kuuza kompyuta kuti tsiku lililonse izingotenga avareji wamba ya masiku 14 omaliza. Yankho linatuluka losiyana. Mu njira imeneyo tsiku lakale kwambiri, lija la kukwera ndi 2, limagwa m'mphepete, ndipo la kukwera ndi 3 limalowa. Kukwera konse kumakhala 15, kutsika 7, ndipo 15 kugawa ndi 22 ndi 68.2. Mitengo yomweyo, tsiku lomwelo: njira ya Wilder ikuti 71.1, yadutsa mzere. Njira ya avareji wamba, imene ena amaitchula kuti RSI ya Cutler, ikuti 68.2, sinadutse. Ndikanakhala kuti ndinkagwiritsa ntchito pulogalamu yowerengera mwa njira yachiwiriyi, tsiku limenelo sindikanagulitsa. Ngati manambala anu sakugwirizana ndi a pa foni yanu, yambani mwafufuza zimenezi musanaganize kuti mwalakwitsa masamu.

Chifukwa china chosiyanitsa manambala n'chakuti njira ya Wilder siiwala msanga. Timati ndi ya masiku 14, koma tsiku lakale silituluka, limangochepa mphamvu. Tsiku lililonse limatsala ndi magawo 13 mwa 14 a mphamvu imene linali nayo dzulo. Mukachulukitsa choncho maulendo 14, mupeza kuti pafupifupi 35 peresenti ya avareji ya lero ikuchokera ku masiku akale kuposa masiku 14 apitawo. N'chifukwa chake munthu amene wayamba kuwerengera mwezi watha ndi amene anayamba chaka chatha sapeza nambala yofanana ndendende. Pakapita masiku zana limodzi kusiyanako kumakhala kutazimiririka, koma pa masabata oyamba kumaoneka.

Tibwerere pa 110, pomwe ine ndinagulitsa. Masiku asanu otsatira mtengo unkakwera ndi 1 tsiku lililonse: 111, 112, 113, 114, 115. Palibe chodabwitsa, ndi kuyenda kwa pang'onopang'ono, kocheperako kuposa tsiku lija la 3. Koma RSI inayenda motere: 72.4, 73.7, 75.0, 76.2, 77.4. Taonani bwino chimene chikuikweza. K sikukula, ikutsika pang'ono kuchoka pa 1.143 kufika pa 1.099. Chikuchitika n'chakuti T ikufota, kuchoka pa 0.464 kufika pa 0.321, chifukwa tsiku lililonse ikulandira ziro. RSI ikukwera osati chifukwa ogula apenga, koma chifukwa papita masiku angapo popanda tsiku lotsika. Ine ndinkaona mzere ukukwera n'kumati moto ukukula, pomwe zoona zake zinali zoti kunalibe mvula.

Tsiku la 22 mtengo unatsika ndi 2, kufika pa 113. K inakhala 1.020, T inalumpha kufika pa 0.440, ndipo RSI inagwa kuchoka pa 77.4 kufika pa 69.8. Liwu lofiira linazima. Malinga ndi mmene ndinkaganizira kale, ngozi yatha, sheya yabwerera m'malo mwake, munthu angathe kugulanso. Kugulanso pa 113, atagulitsa pa 110. Muwonjezerepo ndalama za wokugulitsirani masheya, maulendo awiri.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse kwa ine. Ndinkaganiza kuti RSI ikadutsa 70 ndiye kuti mtengo uli ndi ngongole yoti ubweze, ndipo ubweza pogwa. Zoona n'zakuti RSI singakhale pamwamba mpaka kalekale pa sheya imene imakwera ndi kutsika, idzabwerera ndithu. Koma kuti ibwerere sipafunika kuti mtengo ugwe kufika pomwe unali. Pa tsiku lija la 110, mtengo ukanangotsika ndi 1 m'mawa mwake, RSI ikanakhala 67.9, chenjezo n'kuzima, sheya ili pa 109. Masiku ochepa ongovinavina pamalo amodzi, lero 1 m'mwamba mawa 1 pansi, amaikokera RSI ku 50 mtengo usanasunthe kwenikweni. Mzere umene umabwerera ndi wa RSI. Mtengo sunalonjeze aliyense.

Ndipo mtengo ukamakwera kwa miyezi, RSI imatha kukhala pamwamba pa 70 kwa masabata, kutsika pang'ono, n'kubwereranso. Si kuti yawonongeka. Mtengo umene ukukweradi ndi umene kukwera kwake kukuposa kutsika, ndipo chimenecho ndiye chimene RSI imayeza. Sheya singachoke pa 100 kufika pa 150 m'miyezi yochepa popanda RSI kukwera kwambiri panjira. Amene amagulitsa nthawi iliyonse ikadutsa 70 amakhala atadziikira lamulo lotsika m'galimoto iliyonse imene yayamba kuthamanga. Akatswiri ena a matchati amene anabwera pambuyo pa Wilder, monga Andrew Cardwell ndi Constance Brown, anaphunzitsa zoti malire a RSI amasuntha: msika ukamakwera, RSI imakonda kubwerera ikafika cha m'ma 40 m'malo mofika pa 30, ndipo pamwamba imafika m'ma 80, msika ukamatsika, imavutika kudutsa cha m'ma 60. Kwa iwo kufika pa 75 kungakhale umboni woti sheya ili ndi mphamvu, osati yatopa.

Sindikunena kuti 70 ndi 30 n'zopanda ntchito. Pa sheya imene kwa miyezi ikungoyenda pakati pa denga ndi pansi, tinene pakati pa 95 ndi 110, RSI yokwera imagwirizana kawirikawiri ndi nthawi imene mtengo wayandikira denga, ndipo wogulitsa pamenepo amaoneka wanzeru maulendo angapo. Vuto n'lakuti tsiku limene mtengo ukuboola dengalo kuti uyambe ulendo wautali, RSI imaonetsa nambala yomweyo imene inaonetsa maulendo ena aja. 71 wa pa denga ndi 71 wa poyambira ulendo ndi amapasa. Kuti muwasiyanitse muyenera kuyang'ana kwina: kodi mtengo wadutsa pamene unkabwerera kale, kodi masheya ogulitsidwa achuluka, kodi kampani yalengeza chiyani. Zonsezi zili kunja kwa fomula.

Chinthu china chimene RSI siiona ndi kukula kwa ulendo. Tengani sheya imene ikukwera ndi 0.1 tsiku lililonse kwa masiku 14 osatsikako. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma uyu sanathe mtunda uliwonse: wachoka pa 100 kufika pa 101.4. T yake ndi ziro, choncho RSI ndi 100, pamwamba penipeni. Sheya yathu ija inakwera ndi 7 m'masiku omwewo koma RSI inali 66.7. Ndi iti mwa ziwirizi imene yakwera kwambiri? Mukachulukitsa kusintha konse kwa mitengo ndi khumi, RSI sisintha ngakhale pang'ono, chifukwa K ndi T zakulira limodzi. Choncho kunena kuti sheya yadula chifukwa RSI yakwera ndi kusakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Kudula kumayezedwa poyerekeza mtengo ndi phindu kapena katundu wa kampani. (Mukamalemba nokha mu Excel, T ikakhala ziro fomula yoyamba ija imatulutsa `#DIV/0!`. Yachiwiri ija ilibe vutoli, pokhapokha K nayonso ikhale ziro.)

Izi zimafika poipa pa masheya amene sagulitsidwa tsiku lililonse. Mtengo ukakhala wosasuntha, K ndi T zonse zimalandira ziro, zonse zimafota mofanana, ndipo RSI ya Wilder imangoima pomwe inali. Sheya yathu ikanaima pa 110 kwa mwezi wathunthu popanda wogula kapena wogulitsa, sikirini ikanapitiriza kunena 71.1 ndi liwu lofiira lija, kuti anthu agula mopitirira muyeso sheya imene palibe waikhudza. Kenako popeza K ndi T zafota kwambiri, malonda amodzi ang'onoang'ono amatha kuiponya RSI kutali. Mukaona mzere wa RSI uli tantha ngati chingwe kenako n'kulumpha, werengani kaye masiku amene mtengo unasinthadi.

Samalaninso ndi mitengo imene mukuilowetsa. Kampani ikagawa sheya imodzi kukhala ziwiri, mtengo umatsika ndi theka usiku umodzi popanda aliyense kutaya kanthu. Ngati mitengo yakale sinakonzedwe kuti igwirizane ndi kugawako, RSI idzaona kutsika kwakukulu kumene kunalibe, ndipo chifukwa cha kusaiwala kuja, bodzalo likhalamo masabata ambiri.

Otsatira RSI akamva madandaulo ngati angawa amayankha kuti ndinaiwerenga molakwika, kuti chizindikiro chenicheni si kudutsa 70 koma kusemphana: mtengo ukufika pamwamba patsopano pomwe RSI ikulephera kufika pomwe inafika kale. Wilder mwiniwake ankakuona kusemphanaku ngati chinthu chofunika kwambiri. Ndinafuna kuona mmene kumabadwira, ndiye ndinapitiriza masamu. Kuchoka pa 113, mtengo ukukwera ndi 1 masiku atatu: 114, 115, 116. RSI ikuti 71.4, 72.8, 74.2. Pa 116 mtengo waposa 115 uja, koma RSI ili pa 74.2, pansi pa 77.4 uja. Kusemphana kwabadwa, kooneka bwino, koti munthu angakujambulire mizere iwiri n'kuonetsa anzake.

Koma kwachokera kuti? Mtengo ukukwera pa liwiro lomwe lija, 1 pa tsiku. Chasiyana n'chakuti tsiku limodzi lotsika ndi 2 likadali mu T, silinafote. Kusemphanaku kukunena zoona: ulendo uno kukwera kwasakanikirana ndi kutsika kochulukirapo kuposa ulendo watha. Ndi uthenga woyenera kuumva, makamaka ukabwerezedwa, pamene pamwamba paliponse patsopano RSI ikutsikirabe. Koma pa mtengo umene ukukwera kwa nthawi yaitali kusemphana kotere kumatha kubwera kawiri katatu mtengo n'kumapitirirabe. Tikayang'ana tchati chakale timaona kusemphana kumene kunatsatiridwa ndi kugwa, chifukwa kugwako kumatikokera maso pamenepo. Kwina kuja kumene kunangodutsa sitikuwerenga.

RSI sindinaichotse pa tchati changa. Ndinangosintha funso limene ndimaifunsa. Ikadutsa 70 ndimaiwerenga monga mmene masamu ake alili: posachedwapa masiku otsika achepa kapena afooka. Zimenezi zimandithandiza pa zinthu zing'onozing'ono. Ngati ndimafuna kugula, ndimadziwa kuti ndikugula pambuyo pa kukwera kotsatizana, ndiye ndimagula pang'ono kaye m'malo moponya zonse tsiku limodzi. Ngati ndili nayo kale, ndimayang'ana mtengo umene sheya inatsikira komaliza isanakwerenso, n'kulemba pa pepala kuti ikatseka pansi pa pamenepo ndidzaganizanso. Pa chitsanzo chathu pamenepo ndi 113. Chosankha chimachokera pa mtengo ndi pa zimene ndikudziwa za kampani.

Pepala langa lija ndinawaonetsa alamu, mizere iwiri, K ndi T, manambala ofufutidwafufutidwa. Analiyang'ana nthawi yaitali, akutsatira ndi chala, mpaka anafika pa tsiku la 16.

"Ndiye kuti tsiku limeneli mtengo ukanakwera ndi 2 m'malo mwa 3, simukanagulitsa?"

Ndinatenga kakyuleta. 13 kuphatikiza 2 ndi 15. 15 kuphatikiza 6.5 ndi 21.5. 15 kugawa ndi 21.5.

"69.8," ndinatero.

"Ndiye munagulitsa chifukwa inakwera bwino kwambiri," anatero alamu, akundibwezera pepalalo.